Mayunitsi a ntchito: kalata yopita kwa bwana mkulu ilembedwe bwanji?

M'makampani ambiri kuno kwathu, alawansi ya foni imatsata udindo. Mamanijala amalandira ndalama yonona, pomwe ali ndi foni ya pa desiki ndi intaneti ya muofesi. Dalaivala amene wanyamuka ku Limbe ndi katundu wopita ku Mzuzu salandira kanthu. Galimoto ikafa pa Jenda amafulasha, n'kumadikira kuti wina ku ofesi amuimbire. Akafika amafunsidwa kuti, "Bwanji simunanene msanga?"

Antchito akafuna kuti izi zisinthe, kawirikawiri amalemba kalata yodandaula kuti zinthu zakwera mtengo. N'zoona zakwera, koma bwana mkulu amamva zimenezo tsiku lililonse, ndipo kalata yotere imathera mu fayilo. Imene imayankhidwa ndi yosonyeza kuti ndani amaimba foni za kampani ndi ndalama ya m'thumba mwake, amawononga zingati, ndipo kukonza vutoli kudya ndalama zingati pa chaka.

Choncho musanalembe, sonkhanitsani umboni kwa mwezi wathunthu. Aliyense azisunga mauthenga amene amabwera akagula mayunitsi kapena bandulo pa Mpamba kapena Airtel Money, n'kumalemba m'kabuku kuti waimbira kasitomala uti. Musaiwale data, chifukwa masiku ano maoda, zithunzi za malisiti ndi malangizo a bwana zimadutsa pa WhatsApp. Onaninso amene amakakamizika kukhala ndi manambala awiri, ya TNM ndi ya Airtel, poti kumene amayenda netiweki imodzi imagwira pomwe inayo kulibe.

Tiyerekeze kampani yogulitsa katundu ya anthu 30. Mamanijala asanu amalandira kale K60,000 aliyense. Kabuku kaja kasonyeza kuti anthu 10 oyenda kunja, madalaivala ndi otsatsa malonda, amawononga pafupifupi K25,000 pa mwezi. Asanu a muofesi amene amalondola ngongole ndi maoda amawononga K12,000. Otsala 10, alonda ndi a kosungira katundu, K5,000 ikuwakwanira. Pamodzi ndi K360,000 pa mwezi, kapena K4,320,000 pa chaka. Nambala ya pa chakayi ilembedwe poyera m'ndime yoyamba. Mukaibisa, akauntanti aiwerengera yekha, ndipo zioneka ngati mumafuna kuzembetsa kanthu.

Ena anganene kuti chilungamo n'kupatsa onse mofanana. Ine sindikuvomereza. K12,000 kwa aliyense ndi mphatso kwa amene saimba, pomwe wotsatsa malonda adzapitirizabe kuonjezera yake pofika pakati pa mwezi. Muyeso ukhale ntchito imene foniyo imagwira. Ndipo mlonda asachotsedwe pa mndandanda: saimba kawirikawiri, koma usiku umene akuba abwera, foni yake ndiyo yofunika kuposa zonse pa kampanipo.

Za K60,000 ya mamanijala zisiyeni. Mwina ili m'makontirakiti awo, ndipo kalata yofuna kuwalanda idzakhala ndi adani asanu isanafike n'komwe pa tebulo la bwana mkulu.

Nkhani ina yofunika kuilongosola ndi kaperekedwe. Ndalama ikaphatikizidwa ku malipiro, imadulidwa msonkho ngati malipiro ena onse, ndiye K25,000 ija sifika yonse m'manja. Komanso ikalowa m'thumba pa 25, imasanduka ufa ndi lendi, ndipo palibe angamudzudzule munthu pa zimenezo. N'chifukwa chake n'kwabwino kupempha kuti kampani izigula yokha mayunitsi ndi mabandulo n'kutumiza pa nambala ya wantchito tsiku loyamba la mwezi. Za msonkho wa njira imeneyi, pemphani kuti akauntanti afunse ku MRA ndondomeko isanayambe.

Lembanimonso kuti ndalamazi ziziunikidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Alawansi yosaunikidwa imangotsala dzina.

Bwana adzafunsa kuti kampani ipindulanji, ndipo yankho likhale m'kalata momwemo. Wolandira alawansi alonjeze kuti foni yake izikhala yotsegula nthawi ya ntchito, ndipo mawu akuti "ndinalibe mayunitsi" atheretu. Tsindikani kuti ndi nthawi ya ntchito, kuopa kuti K5,000 ingasanduke chilolezo choimbira munthu pakati pa usiku ali pa tchuthi. Kwa otsatsa malonda, nambala ikhale ya kampani, kuti munthu akasiya ntchito makasitomala asapite naye.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi, ndipo kabuku ka umboni kakhale kumbuyo kwake. Idutse kwa oyang'anira antchito, kuti asamve ngati mwawadumpha. Pomaliza pemphani chinthu chimene bwana angavomere popanda mantha: "Bwana, tikupempha kuti tiyese ndondomekoyi kwa miyezi itatu, kuyambira ndi madalaivala ndi otsatsa malonda, kenaka tidzakhale pansi n'kuona ngati yathandiza."