Kutha mphamvu kwa GAN pa ntchito yosamutsa nkhope

Pa ntchito yotenga nkhope ya munthu mmodzi n'kuiika pa chithunzi cha wina, njira ya GAN yatha mphamvu. Ian Goodfellow ndi anzake anaiyambitsa ku Montreal mu 2014, ndipo mapulogalamu otchuka monga FaceShifter ya 2019 ndi SimSwap ya 2020 anamangidwa pa iyo. Koma chitulukireni Stable Diffusion mu 2022, ofufuza ambiri anasamukira ku difyushoni, moti zida zambiri za GAN zomwe anthu akugwiritsabe ntchito lero ndi zakale.

Chomwe chinafooketsa GAN chikuoneka bwino pa inswapper_128 ya InsightFace. Tinene kuti muli ndi chithunzi cha pa ukwati pomwe nkhope ya mkwati ndi ya mapikiselo 640 m'lifupi. Pulogalamuyi imadula nkhopeyo, kuiwongola, n'kuichepetsa kufika pa 128 m'lifupi ndi m'litali. Nkhope ya munthu winayo imaperekedwa kwa ArcFace, yomwe imaisandutsa manambala 512 ofotokoza kuti munthuyo ndi ndani. Makina amajambula nkhope yatsopano ulendo umodzi wokha, kenaka amaikuza kasanu kuti ibwerere pamalo pake. Apa m'pamene pagona vuto. Suti ndi duwa la pachifuwa zikuoneka ulusi uliwonse, koma nkhope ili mbuu, mano alumikizana, nsidze zafufutika. Mkwatiyo akayang'ana kumbali kwenikweni, kapena dzanja likaphimba tsaya, zinthu zimasokonekeratu.

Anthu amapaka mankhwala podutsitsa chithunzicho mu GFPGAN kapena CodeFormer kuti chiwale. Chimawaladi, koma zida zimenezi zimapeka khungu ndi maso kuchokera ku nkhope zina zomwe zinaphunzirapo, choncho munthu uja amayamba kusiyana ndi mwini wake. Bwanji osangophunzitsa GAN yaikulu? Ena anayesa, ndipo SimSwap ili ndi mtundu wa 512. Koma kuphunzitsa GAN n'kovuta, chifukwa pamakhala mbali ziwiri zolimbana, yojambula ndi yogwira zabodza, ndipo imodzi ikaposa inzake maphunziro onse amaonongeka.

Difyushoni ilibe mpikisano wotero. Imayamba ndi chithunzi cha timadontho tachabechabe, n'kumatichotsa pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 50. InstantID, yomwe inatuluka mu Januwale 2024, imagwira ntchito pamwamba pa SDXL pa mapikiselo pafupifupi 1024. Imatenga chithunzi chimodzi, manambala a nkhope aja, ndi mfundo zisanu zosonyeza maso, mphuno ndi ngodya za pakamwa. Zotuluka zake zimakhala ndi khungu looneka lamoyo, tsitsi logwirizana ndi mutu, komanso kuwala kofanana ndi kwa malo ozungulira. Pa zimenezi GAN sifikako.

Komabe amene akuimba nyimbo ya maliro afatse kaye, pakuti njira ziwirizi sizigwira ntchito imodzi. GAN imasintha pakati pa nkhope n'kusiya zina zonse monga zinalili: kumwetulira kwa mkwati, komwe akuyang'ana, ngakhale mthunzi wa pakhosi. Difyushoni imajambulanso dera lonse lomwe mwaipatsa, ndipo ili ndi chizolowezi chokongoletsa anthu, kusalaza makwinya ndi kuwongola chibwano. Chotuluka nthawi zambiri chimakhala ngati mchimwene wake wa munthuyo. Mukakweza `ip_adapter_scale` kuti afanane kwambiri, makina amayamba kunyalanyaza mawu omwe mwalemba, ndipo mitundu imatha kupsa.

Palinso malire ena amene ambiri sawadziwa. SDXL sigwira mapikiselo mwachindunji, imayamba yachepetsa chithunzi kasanu ndi katatu mbali iliyonse. Pa chithunzi cha gulu, nkhope ya mapikiselo 80 imasanduka timabokosi 10 tokha m'lifupi, ndipo maso amatuluka opotoka. Njira yake n'kudula nkhopeyo, kuikuza, kuijambula payokha, n'kuibwezera, zomwe n'zimene GAN inkachita kale.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi muyeso. Njira zonse ziwiri zimadalira manambala 512 otengedwa pa nkhope yochepetsedwa kufika pa mapikiselo 112, ndipo ArcFace anaiphunzitsa kuzindikira munthu ngakhale atameta kapena kukalamba. Motero chipsera, mpata wa mano kapena kadontho ka patsaya zimatha kutayika, pomwe izi n'zimene abale ake amamudziwira. Ndiye ofufuza akafuna kuyeza kufanana, amagwiritsanso ntchito makina a mtundu womwewo. Malikisi amatuluka okwera, koma mayi ake a munthuyo angakane kuti si mwana wawo.

Popeza difyushoni imavutika kufananitsa nkhope, ambiri odziwa ntchitoyi amapanga chithunzi ndi difyushoni, kenaka n'kudutsitsa nkhope mu inswapper_128 kuti ifanane ndi mwini wake. GAN yatsika udindo, yasanduka womalizitsa ntchito ya ena, ndipo ikugwirabe pa mapikiselo 128 omwe aja.