Sizasi Idikire Kaye: Zoyenera Kuchita Ntchito Ikakhala Yosamveka, Mwini Wake Osapezeka

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo sanalakwe. Koma pali masiku ena pamene munthu ukufunitsitsa kufunsa, wofunsidwayo n'kukhala kuti palibe. Foni yake yazima, wapita kumaliro kumudzi kosagwira netiweki, kapena ali m'basi ya ku Joni. Ntchito wakusiyira, tsiku loifuna likuyandikira, ndiye pamene wakhala pansi kuti uyambe n'kuona kuti mawu amene ananena aja akhoza kutanthauza zinthu ziwiri.

Zikatere ambiri timagwera mbali imodzi mwa ziwiri. Ena amapinda manja n'kumati, "Ndidikira abwere," mpaka tsiku kukwana ntchito isanayambe. Ena amalota okha, kuigwira yonse mpaka kumapeto, kenako n'kumakangana ndi mwini wake. Pakati pa njira ziwirizi pali ina, ndipo ine ndinaiona bwino kwa amalume anga, telala amene wakhala zaka zambiri pakhonde la sitolo ina ku Limbe, akupalasa makina awo opondera.

Tsiku lina Lachisanu kunabwera mayi wina, kasitomala wawo wakale, ali piringupiringu. Anatula jumbo patebulo: mamita 4 a chitenje, ulusi ndi zipi. "Atelala, Loweruka la mawa lino kuli chinkhoswe cha mwana wanga. Mundisokere ngati chija cha chaka chatha. Ndidzatenga Lachisanu." Asanafunsidwe kanthu anali atakwera kale minibasi. Lolemba amalume atatsegula kope lawo la miyezo anapeza kuti chaka chathacho anawasokera mayiwo zovala ziwiri: diresi lalitali, komanso siketi ndi bulauzi. Anaimba foni, osapezeka. Mnzawo wa mayiwo wa mumsika ndiye anawauza kuti agwa maliro, apita kumudzi.

Choyamba chimene amalume anachita sichinali kugwira nsalu ayi. Anadzifunsa kuti chosamvekacho n'chiyani kwenikweni. Munthu akasokonezeka amaona ngati ntchito yonse ili mumdima, koma ukaunika bwino umapeza kuti zambiri ukuzidziwa. Miyezo ya mayiwo inali m'kope. Nsalu inalipo. Tsiku linali lodziwika, ndiponso mwambo umene chovalacho chikavalidwe. Funso linatsala limodzi lokha: diresi, kapena siketi ndi bulauzi? Funso likachepa chonchi limanyamulika. Ukhoza kulitumiza mu uthenga umodzi, ndipo ngakhale mwana wotumidwa akhoza kulifikitsa osalisokoneza.

Chachiwiri, anawerengera masiku chobwerera m'mbuyo. Chovala chikufunika Lachisanu. Kuchisoka kumawatengera masiku 2, poti pali ntchito zinanso pamzere. Ndiye kuti malire odikira ndi Lachitatu m'mawa; kupitirira apo, kudikira kwenikweniko kusanduka kulephera. Anthu ambiri sadziikira malire amenewa. Amadikira mosadziwa kuti adikira mpaka liti, n'kudzadzidzimuka usiku womaliza, n'kugwira ntchito ya phuma imene ili yolota komanso yosalongosoka.

Atadziwa malirewo anatumiza uthenga pa WhatsApp, n'kuutumizanso ngati uthenga wamba wa pafoni, chifukwa kumudzi uthenga wamba umatha kulowa pamene intaneti yakanika. Sanalembe kuti "Mundiimbire," pakuti mawu otere sathandiza munthu amene wapeza netiweki kwa mphindi imodzi pamwamba pa chulu. Analemba kuti: "Mayi, pepani ndi zovutazo. Chaka chatha ndinakusokerani ziwiri. Mukufuna 1, diresi, kapena 2, siketi ndi bulauzi? Ingoyankhani nambala. Ndikapanda kumva pofika Lachitatu m'mawa ndiyamba 2, koma ndidula moti n'kutheka kusintha." Uthengawu uli ndi funso, mayankho osankhapo, nthawi, ndi chimene wolembayo achite. Pa WhatsApp panangooneka kachizindikiro kochonga kamodzi kotuwa, kusonyeza kuti uthenga wachoka koma sunafike pafoni ya mayiwo. Amalume anadziwa kuti chete ameneyu si kuvomera; ndi chete wa munthu amene sanamve n'komwe.

Podikirapo anayamba kufufuza zimene mwini ntchito anasiya m'mbuyo, chifukwa munthu amanena zambiri ndi zinthu zimene wabweretsa. Mamita 4 sanathandize, poti amakwanira zonse ziwiri. Koma zipi ya m'jumbo muja inali yaifupi, ya masentimita 20, yoika pa siketi. Diresi lotsegula kumsana limafuna yaitali, ya masentimita 50 kapena kuposerapo. Umenewu unali umboni wolozera ku siketi ndi bulauzi. Anafunsanso mnzawo uja wa mumsika, yemwe anayankha msanga kuti, "Aaa, amene aja amakonda siketi." Amalume anamufunsa funso limene ndimalikumbukira mpaka lero: "Kodi achemwali, munawamva akunena za chovala chimenechi, kapena mukungowadziwa?" Mayiyo anavomera kuti akungoganiza. Wachibale kapena mnzake wa mwini ntchito akhoza kukupatsa maganizo, koma sangakupatse chilolezo pokhapokha ngati mwini wakeyo anamusiyira mawu. Zikadzalakwika, iye sadzakhalapo polipira nsalu.

Tsono apa ndi pamene pagona luso lenileni. Pa ntchito iliyonse pali zimene zimabwezeka ndi zimene sizibwezeka. Msoko umamasulidwa, nsalu yodulidwa siibwerera. Amalume anayamba ndi zonse zimene zikanafunika kaya yankho likhale lotani. Anachapa nsalu kuti ifupikiretu ngati ili yofupika, n'kuisita. Anapatula ya duku. Anadula manja, amene anali ofanana pa zovala ziwiri zija. Lolemba ndi Lachiwiri sizinapite pachabe, komabe panalibe chimene chinatsekedwa.

Lachitatu m'mawa kunali zii. Nthawi yosankha inakwana, ndipo anasankha siketi ndi bulauzi pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi zipi ija. Chachiwiri n'chozama kuposa choyambacho: bulauzi ikhoza kusanduka chapamwamba cha diresi, koma chapamwamba cha diresi sichingasanduke bulauzi. Pa miyezo ya mayiwo, bulauzi inali yotalika masentimita 60 kuchokera paphewa, pamene chapamwamba cha diresi chimathera m'chiuno, pa masentimita 40. Ukadula 60 ukhoza kudzachotsako. Ukadula 40, masentimita 20 osowawo sungawapezenso. Choncho njira ziwiri zikakhala pafupifupi zofanana, sankhani imene ikusiya khomo la inzakeyo lili lotsegula.

Anadulanso mosiya malo. M'malo mwa sentimita imodzi ndi theka imene amasiya m'mbali mwa msoko masiku onse, anasiya masentimita 3. Misoko ya m'mbali anaisoka yolimba, koma lamba wa m'chiuno wa siketi, zipi ndi msoko wa kumsana kwa bulauzi anangogwiriza ndi ulusi wotalikirana, wosavuta kusolola. Zotsala za nsalu sanazitaye m'thumba la zigamba, anazipinda n'kuzisunga m'jumbo ya mayiwo. M'kope analembamo tsiku, chimene asankha ndi chifukwa chake.

Lachinayi usiku foni inalira. Mayi aja anali atafika pamalo ogwira netiweki, ndipo yankho lawo linali nambala 1. Ankafuna diresi. Zipi yaifupi ija anagula ndi mwana amene anamutuma, yemwe sanadziwe kusiyana kwake. Amalume analota molakwa, ngakhale umboni unali mbali yawo. Koma Lachisanu m'mawa anasolola ulusi wogwirizira uja, kuchotsa lamba, kufupikitsa bulauzi, kuilumikiza ku siketi ndi kuika zipi yaitali. Pofika masana diresi linali pa hang'ala. Chimene chinatayika ndi maola atatu ndi mtengo wa zipi imodzi. Akanadikira yankho osayamba, sakanamaliza. Akanamaliza zonse molimba n'kudula mothina, akanagula nsalu ina, mwinanso mtundu wakewo osaupeza.

Njira imeneyi si ya atelala okha. Mmisiri amene akumangira nyumba munthu wa ku Joni, ngati sakudziwa mbali yoika khomo la khitchini, akhoza kukweza makoma ena onse, koma asathire konkire ya pamwamba pa khomo asanamve. Kalaliki amene wauzidwa kuti "mulembe lipoti lija" akhoza kusonkhanitsa manambala ndi kulemba, koma kulitumiza kunja kwa ofesi m'dzina la abwana ndiko kudula nsalu. Ntchito iliyonse ili ndi sizasi yake, ndipo waluso amadziwa pamene ili.

Komabe pali malire amene sitiyenera kuwadumpha. Ntchito zina zilibe msoko wogwirizira, ukangoyamba, wamaliza. Ngati mwatumidwa kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba koma nambala imodzi siikuwerengeka bwino, musayese mwayi. Ngati mukusamalira wodwala ndipo simukumvetsa kuchuluka kwa mankhwala, musalote. Pitani kuchipatala chapafupi mukafunse wazaumoyo wina. Kugwetsa mtengo, kupha chiweto, kugulitsa katundu wa mwini, kusaina m'malo mwake, zonsezi zimadikira, ngakhale tsiku lidutse. Madzi akatayika saoleka. Pa ntchito zotere, kuchedwa kumene mwakufotokoza bwino kumapweteka pang'ono kuposa kufulumira kowononga. Amalume nawonso amanena kuti nsalu ija ikanakhala yoperewera, yoti kudula kumodzi n'komaliza, sakanaigwira; akanakonza zina zonse n'kukonzeka kuchezera usiku yankho likabwera.

Chotsiriza ndi mmene mumamulandirira mwini ntchito akapezeka. Musadikire kuti atulukire yekha zimene munasankha. Yambani ndinu: apa sindinamve, ndinayesa kukupezani mwakutimwakuti, ndinasankha ichi pa chifukwa ichi, ndipo izi n'zotheka kusintha. Musamuimbe mlandu woti sanafotokoze bwino, pakuti nanunso simunafunse pamene anali pamaso panu. Mayi aja atabwera kudzatenga diresi, amalume anawaonetsa kope lija ndi zotsala za nsalu yawo, osabisa kuti anayamba asoka siketi.

Kuyambira tsiku limenelo, kasitomala akatula jumbo n'kunena kuti "ngati chija," amalume salola kuti achoke. Amatsegula kope pomwepo, kuloza tsamba ndi chala, n'kufunsa kuti, "Ichi, mayi, kapena ichi?" Ndipo amapempha nambala yachiwiri, ya munthu amene angayankhe m'malo mwawo foni ikazima.