MLANDU WA MALIRE AMAUWERUZA NDI MALAMULO ATI?

Anthu a ku 25 de Setembro ku Moatize akamapita ku Mwanza amadzera pa chipata cha Zobwe. Nanga Mozambiki ndi Malawi atakangana za malire amenewa n'kukasuma ku bwalo la milandu ya maiko ku Hague, oweruza angagwire lamulo liti, poti maiko alibe mfumu imodzi?

Yankho lili pa gawo 38 la malamulo okhazikitsa bwaloli, a chaka cha 1945. Gawoli likutchula magwero anayi motsatana.

Loyamba ndi mapangano olembedwa. Pa malire athu pali pangano la Apwitikizi ndi Angelezi la pa 11 Juni 1891. Likuti kuno malire azitsata mtunda wogawa madzi: mvula yotsikira ku Zambezi mbali ino, yotsikira ku Shire mbali inayo.

Lachiwiri ndi mwambo wa maiko, ndiye kuti zimene maiko amachita nthawi zonse pokhulupirira kuti ndi lamulo, osati ulemu chabe. Maiko a mu Afirika amasunga malire omwe anawapeza polandira ufulu, monga atsogoleri anagwirizana ku Cairo mu 1964. N'chifukwa chake pangano la atsamunda lija silinafe mu 1975.

Lachitatu ndi mfundo zachilungamo zopezeka m'malamulo a mitundu yambiri. Ntchito yake ndi kutseka mipata pamene pangano ndi mwambo zili chete. Imodzi mwa izo mumaidziwa pa bwalo la anyakwawa: munthu amene anaona mnzake akulima mpaka pa mtengo wakutiwakuti, iye osanena kanthu zaka zambiri, sangadzuke lero n'kumati malire sali pamenepo.

Mfundo yotereyi inaoneka mu 1962 pa mlandu wa Cambodia ndi Thailand, olimbirana kachisi wa Preah Vihear. Kumenekonso pangano la 1904 linati malire atsate mtunda wogawa madzi. Koma mapu ojambulidwa ndi Afalansa anaika kachisiyo ku Cambodia, ndipo a Thailand analandira mapuwo osadandaula kwa zaka pafupifupi 50. Bwalo linati kachisi ali m'dziko la Cambodia.

Kodi tsono chigamulo chimenechi ndi lamulo pa Zobwe? Iyayi. Zigamulo za mabwalo, pamodzi ndi zolemba za akatswiri, zili pa gwero lachinayi, ndipo gawo 38 likuti n'zothandizira chabe kuzindikira lamulo. Gawo 59 likuonjeza kuti chigamulo chimamanga okhawo anali pa mlanduwo, pa nkhani yokhayo. Oweruza angachiwerenge kuti aone momwe anzawo anaganizira, koma sichingalamule Mozambiki kapena Malawi.

Dziwaninso kuti mndandandawu si wa mfumu ndi nduna zake. Pangano limayamba kuonedwa chifukwa ndilo mawu omwe eni mlandu anavomera okha. Pa Zobwe oweruza angayambe ndi pangano la 1891, kenaka n'kufunsa ngati pali boma lomwe linaona miyala ya malire kapena mapu olakwika n'kukhala duu.