Wilo lolendewera mbali imodzi: bwanji silikugwa?

Chotsani wilo lakutsogolo la njinga, mumangirire chingwe cholimba kunsonga imodzi ya ekiselo, mbali inayo ya chingwecho muikoleke pa mtanda wa denga kapena pa nthambi. Imikani wilolo monga limakhalira panjinga, ekiselo itagona chopingasa, kenako mulisiye. Likhala lagwa nthawi yomweyo, n'kumalendewera chafufumimba ngati mbale. Palibe angadabwe nazo, chifukwa chinthu chogwiridwa mbali imodzi chimapendekera kumene kulibe chochirikiza.

Tsono liimikeninso, koma ulendo uno mulizunguze mwamphamvu ndi dzanja musanalisiye. Siligwa. Ekiselo ikhalabe chopingasa, nsonga yake ina ili m'malere popanda woigwira, ndipo wilo lonse liyamba kuyenda pang'onopang'ono mozungulira chingwecho. Kuyenda kwachiwiri kumeneku akatswiri a fizikisi amakutcha puliseshoni, ndipo ndi komwe kumachititsa kuti mutu wa nguli uzijambula bwalo m'mwamba pamene nguliyo ikuzungulira. Chimene chimasokoneza anthu kwambiri n'chakuti wilo likamathamanga kwambiri, ulendo wozungulira chingwewo umachedwa, ndipo likayamba kutopa m'pamene umafulumira. Nzeru za tsiku ndi tsiku zikadatiuza zosiyana ndi zimenezi.

Tichotseretu ganizo lakuti wilo lozungulira limapepuka. Mu 1974 katswiri wa zamagetsi wa ku Britain, Eric Laithwaite, anaonetsa mawilo otere ku Royal Institution mumzinda wa London, n'kunena kuti malamulo a Newton sakulongosola zonse zimene zikuchitika. Anzake sanavomere, ndipo sikelo ili kumbali yawo. Mukakoleka chingwe chija pa sikelo ya mbedza yoyezera chimanga, wilo la makilogalamu awiri lionetsa makilogalamu awiri, lizungulire kapena lisazungulire. Chingwe chikunyamula kulemera konse. Choncho funso lenileni si lakuti n'chiyani chanyamula wilo, koma lakuti n'chiyani chikuletsa kuti lipendekeke.

Kuti timvetse, tisiye kuyang'ana wilo lonse, titsatire kachidutswa kamodzi ka limu, tinene pamene pali valavu. Imani kumbali ya nsonga imene ilibe chingwe, wilo likuyang'anani kumaso, chingwe chili kuseri kwake. Dziko likukokera wilo pansi, chingwe chikukokera mmwamba kuseriko, ndipo mphamvu ziwirizi pamodzi zikufuna kuligwetsa chafufumimba kubwera kwa inu. Kudzera m'masipoko, chigawo chakumwamba cha limu chikukankhidwira kwa inu, chakumunsi chikukankhidwira kutali nanu. Wilo likanakhala chiimire, kumwamba kukanangobwera kwa inu, basi lagwa.

Koma valavu ija sinaime. Tinene kuti wilo likuzungulira monga mivi ya wotchi, ndiye kuti ikafika pamwamba imakhala ikuthamangira kudzanja lanu lamanja. Chinthu chimene chili paliwiro chikakankhidwa cham'mbali sichisiya njira yake n'kutsata kumene chakankhidwira, chimangokhota pang'ono. Osewera mpira amazidziwa bwino zimenezi: mpira woima ukaugunda umapita kumene waulozetsa, koma wobwera mwaliwiro kuchokera kukona, ukaugunda ndi mphumi umapitirira ulendo wake mokhotera pang'ono, ndipo ukakhala waliwiro kwambiri kukhotako kumachepa. Valavu nayo, pokankhidwira kwa inu pamene ili pamwamba, imapitabe kumanja koma mopatukira pang'ono kwa inu, kotero kuti kusuntha kwakeko kumadzaonekera ikafika m'mbali, kudzanja lamanja. Ikafika pansi imakhala ikuthamangira kumanzere, ndipo kumeneko ikukankhidwira kutali nanu, ndiye ikamafika kumanzere imakhala yatalikira.

Kachidutswa kalikonse ka limu kakuchita zomwezo. Zotsatira zake n'zakuti mbali yakumanja ya wilo imayandikira kwa inu, yakumanzere imatalikira, pamene kumwamba ndi kumunsi kuli pomwe kunali. Wilo silinagwe, latembenuka. Mphamvu inagwira ntchito pamwamba ndi pansi, koma zipatso zake zaonekera patsogolo pake, wilo litayenda gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo. Ndipo poti likatembenuka dziko limalikokabe chimodzimodzi, kutembenukako sikutha, kumangopitirira mpaka lazungulira chingwe.

Mungathe kuneneratu ndi mbali yomwe. Ngati wilo, poliyang'ana kuchokera kunsonga yopanda chingwe, likuzungulira monga mivi ya wotchi, nsongayo idzalowera kumanzere kwanu, ndipo munthu woyang'ana kuchokera padenga adzaona ulendowo ukutsatanso mivi ya wotchi. Mukalizunguza mobwerera, nalonso lidzayenda mobwerera.

Nanga liwiro la ulendowu limadalira chiyani? M'mabuku a fizikisi amalemba motere:

```
Ω = m g r / (I ω)
```

Pamwamba pa mzerewo pali mphamvu yopendeketsa: kulemera kwa wilo (m g) kuchulukitsa ndi mtunda r wochokera pachingwe kufika pakati pa wilo. Pansi pali chimene chikukana kukhotetsedwa: liwiro la kuzungulira ω, ndi I, nambala yosonyeza kuchuluka kwa chitsulo ndi mphira komanso kutalika kwake kuchokera pa ekiselo. Wilo la njinga lili ndi ubwino wakuti kulemera kwake kochuluka kuli kulimu ndi kutayala, ndiye I imakhala pafupifupi m R², pamene R ndi mtunda wochokera pa ekiselo kufika kulimu. Mukaika zimenezi m'masamu aja, m wapamwamba ndi m wapansi amafafanizana, n'kutsala lamulo lapafupi lotipatsa masekondi a ulendo umodzi wozungulira chingwe:

```
T ≈ 4 × R × R × f ÷ r
```

Apa f ndi maulendo amene wilo likuzungulira pa sekondi imodzi, ndipo R ndi r aziyezedwa m'mamita. Nambala 4 si yamatsenga, yachokera pa 4π² kugawa ndi 9.8, mphamvu ya kukoka kwa dziko.

Tiyese ndi wilo la mainchesi 26, limene limu ndi tayala lake zili pafupifupi masentimita 30 kuchokera pakati, ndiye R ndi 0.3. Pa ekiselo tamangirira kachitsulo kotalikitsa kuti chingwe chikhale masentimita 12 kuchokera pakati pa wilo, ndiye r ndi 0.12. Talizunguza mpaka valavu ikudutsa pamwamba katatu pa sekondi. Tikachulukitsa 4 ndi 0.3 ndi 0.3 ndi 3 tipeza 1.08, ndipo tikagawa ndi 0.12 yankho ndi masekondi 9. M'masekondi asanu ndi anayi amenewo wilo lazungulira ka 27 pa ekiselo yake, koma kamodzi kokha pachingwe. Wina wamphamvu akalizunguza kasanu ndi kamodzi pa sekondi, ulendowo utenga masekondi 18. Mukachotsa kachitsulo kaja, chingwe n'kumangidwa pa nati, masentimita 6 okha kuchokera pakati, mphamvu yopendeketsa yachepa ndi theka, ndipo ulendo wa masekondi 9 uja usanduka wa 18.

Kufafanizana kwa m kuja n'kofunika kukuona bwino. Wilo lolemera kawiri limakokedwa kawiri, koma lilinso ndi chitsulo chochuluka kawiri choti chikhotetsedwe, ndiye zimangothera pamodzi. Chimene chili ndi ntchito ndi malo amene kulemerako kwakhala. R waonekera kawiri m'lamulo lija pa zifukwa ziwiri zosiyana. Limu yotalikira pakati imathamanga mtunda wautali pa ulendo uliwonse, choncho ndi yovuta kuikhotetsa. Komanso mphamvu yopendeketsa ija ikamafika kutali kudzera m'masipoko aatali imafika itachepa. N'chifukwa chake kawilo ka njinga ya mwana, kotalika theka, kamazungulira chingwe mofulumira kanayi, pamene zina zonse zili chimodzimodzi.

Mukayeza ndi wotchi, musayembekezere masekondi 9 enieni. Habu, ekiselo ndi masipoko n'zolemera, zimathandiza kupendeketsa wilo, koma zili pafupi ndi pakati ndipo sizithandiza kwenikweni kukana. Ngati mwa makilogalamu awiri aja imodzi ndi theka yokha ndiyo ili kulimu ndi kutayala, yankho litsika kufika pafupifupi masekondi 7. Mukapeza nambala yocheperapo kwambiri, kawirikawiri vuto limakhala kuwerenga f, chifukwa wilo limayamba kutopa mukangolisiya. Kulijambula pafoni n'kuwerenga valavu modekha kumathandiza kuposa kudalira maso.

Pali chinthu china chimene malongosoledwe ambiri amachilumpha, ndipo ine ndimaona kuti ndicho chimatsimikizira nkhani yonseyi. Pamene mwangolisiya, wilo limagwadi pang'ono. Liyenera kutero, chifukwa kugwa pang'onoko ndiko kumayambitsa kutembenuka, ndipo kutembenukako ndiko kumaletsa kuti lisagwe kwambiri. Mukalisiya mwadzidzidzi mudzaona nsonga ya ekiselo ikugwedezera mutu, kutsika ndi kukwera mofulumira pamene ikuyenda. Kugwedezeka kumeneku amakutcha nyuteshoni, ndipo pa wilo lothamanga kumakhala kochepa, n'kuzilala pakapita kanthawi. Tsono yesani kutchinga nsonga ya ekiselo ndi ndodo yoimika kuti isapitirire ulendo wake wam'mbali. Wilo ligwa pompo, ngakhale likuzungulira mwamphamvu. Mukaikankha nsongayo pang'ono kutsogolo, kumene imapita kale, idzakwera mmwamba. Ndiye kuti chimene chikuimika wilo si kuzungulira pakokha, koma kuzungulira pamodzi ndi ufulu wotembenuka. Zala zokha zikhale kutali ndi masipoko poyesa zimenezi.

Lamulo lija lili ndi malire ake. Limagwira bwino pamene kuzungulira kwa pa ekiselo kukuposa kutali ulendo wa pachingwe, monga 27 kwa 1 uja. Silisamala ngati ekiselo yapendekera mmwamba kapena pansi pang'ono, liwiro la ulendo limakhala lomwelo. Koma mabelingi ndi mpweya zimadya liwiro la wilo mosalekeza. Likatsika kufika kamodzi pa sekondi, lamulo likuti ulendo utenga masekondi atatu okha, ndipo apa maulendo awiriwa ayandikana kwambiri moti masamu apafupi aja ayamba kuphonya. Kugwedezeka kumakula, nsonga imanka nitsika pa ulendo uliwonse, chingwe chimapotana, mpaka wilo limathera chafufumimba likuzungulirabe mofooka. Wilo la mabelingi ouma kapena omangidwa mothina limafika pamenepa msanga, ndipo mudzalizindikira poona ekiselo yomwe ikufuna kuzungulira limodzi ndi wilo n'kumakulunga chingwe. Limeneli lipakeni girizi ndi kumasula makoni pang'ono musanayambe kuyeza.