Batire yafa, kapena ndi fumbi chabe?

Foni ikayamba kukana kutchaja, ambiri timathamangira kukagula batire yatsopano, chonsecho vuto lili pa kabowo kolowetsa chingwe. Choyamba yesani chingwe ndi tchaja china, poti izi ndizo zimafa msanga.

Zikakanikabe, yang'anani mmene chingwe chikukhalira. Chikamalowa mwatheka, chikamagwedera, kapena foni ikamatchaja pokhapokha mwachipendeketsa n'kuchitsamiritsa pa buku, batire ilibe mlandu. M'thumba mumakhala fumbi ndi timaulusi ta nsalu. Nthawi zonse mukamalowetsa chingwe mumatsindira zinyalalazo pansi pa bowo, mpaka zimauma gwaa n'kutsekereza chingwe kufika pa tizitsulo. Zimitsani foni, unikani ndi tochi, ndipo tokosani pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano ayi, imakanda tizitsulo ndipo ingachititse shoti. Samalaninso kalilime kopyapyala ka pakati pa bowo, sikachedwa kuthyoka. Mukaona tizitsulo tapindika kapena tachita dzimbiri lobiriwira, kutokosa sikuthandiza. Bowolo lasowa mmisiri.

Batire yotha imadziwika mukazula chingwe. Imatchaja bwinobwino, mwinanso kudzaza msanga modabwitsa, koma moto suchedwa kutha. Foni ili pa 40 peresenti, mwangoyatsa kamera, yazima. Mukailumikiza ikuonetsa 5 peresenti. Apo bowo lilibe chifukwa.

Koma mukaona chivundikiro chakumbuyo chikutukuka kapena galasi likunyamuka, batire yatupa. Lekani kutchaja pomwepo, musaibowole, pitani nayo kwa okonza mafoni lero lomwe.