Mndandanda Ukakana Kubwera

Mukatsegula tsamba la pa intaneti, mayina amene amadzandandalikamo amachokera ku seva. Msakatuli amakawapempha ku API ndi lamulo la `fetch()`, ndipo netiweki ikafooka yankho limachedwa. N'chifukwa chake wolemba pulogalamu amayamba waonetsa mawu akuti "Dikirani", kenako n'kuwachotsa mndandanda ukafika.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa: seva ikayankha 404 kapena 500, `fetch()` sidandaula ayi, imangoti yankho labwera. Wolemba ayenera kufufuza yekha:

```js
if (!res.ok) throw new Error(res.status);
```

Akaiwala mzerewu, pulogalamu imayesa kuwerenga uthenga wa vuto ngati mndandanda, ndipo tsamba lingatsale mbee, kapena "Dikirani" n'kukhala pomwepo mpaka kalekale. Mlendo ayenera kuuzidwa kuti zakanika, apatsidwenso batani loyeseranso.