Yankho la Mpata Lili M'mawu Ouzungulira

Pa mayeso a chiyankhulo pamabwera ndime imene mawu ena achotsedwamo, wophunzira n'kuuzidwa kuti adzaze mipatayo. Njirayi anaiyambitsa Wilson Taylor wa ku America mu 1953, pofuna kuyeza ngati nkhani yolembedwa ndi yosavuta kumva. Aphunzitsi anaitengera m'kalasi pambuyo pake. Ana ambiri amaiyesa mpikisano wa kulosera, pamene wolemba funso amakhala atasiya zizindikiro m'ndime momwemo.

Tiyeni tione ndime iyi: "Mvula inachedwa kugwa chaka chatha. (1) ____ alimi ambiri anabzala mu Januwale. (2) ____ chimene anabzala chinamera bwino, (3) ____ mbozi zinachiononga chisanamasule. Pokolola, nkhokwe zawo (4) ____."

Musanalembe kanthu, werengani ndime yonse mpaka kumapeto. Mukatero yambani ndi mpata umene mwauona kuphweka, ngakhale usakhale woyamba.

Mpata wachiwiri ukufuna dzina, ndipo galamala yachepetsa kale mayina oyenera. Mawu akuti "chimene" ndi "chinamera" akugwirizana ndi dzina la gulu la chi-. Mtedza ndi nyemba zagwa pomwepo, poti tikanati "umene" kapena "zimene". Komabe chinangwa chatsala, chitowe nachonso. Apa galamala yafika pothera, tsono thandizo likuchokera kutsogolo: mbewu yomasula, yodyedwa ndi mbozi, yosungidwa m'nkhokwe, ndi chimanga. Wofulumira amene sanafike pa chiganizo chomaliza akhoza kulemba chinangwa mtima uli m'malo.

Mpata woyamba ndiwo umagwetsa ambiri, ngakhale ana anzeru. Ukufuna mlumikizi, ndipo dzanja limathamangira "chifukwa" poona kuti mvula ndi kubzala n'zogwirizana. Dzifunseni kuti chinayambitsa chinzake n'chiti. Kuchedwa kwa mvula ndiko kunachedwetsa kubzala, ndiye chiganizo chachiwiri chikunena zotsatira. Mawu oyenera ndi "Choncho" kapena "Motero". Mukaikapo "chifukwa", ndime ikunena kuti alimi ndiwo anachedwetsa mvula!

Wachitatu suvuta: kumera bwino ndi kuonongeka n'zotsutsana, apo pakufunika "koma".

Pa mpata wachinayi payenera mneni, ndipo zinthu zitatu ziyenera kukhala m'mawu amodzi. Dzina lakuti "nkhokwe zawo" likufuna zi-. Nkhani yonse ndi ya chaka chatha, motero pakhale -na-. Mbozi zinaononga mbewu, ndiye mneniyo akhale wokana. Yankho ndi "sizinadzaze". Wolemba "zinadzaza" wakhoza galamala koma waiwala mbozi zija, ndipo wochonga sangamupatse malikisi.

Mukamaliza, werenganinso ndime yonse ndi mayankho anu, chamumtima. Pamene lilime lapunthwa, kawirikawiri pamakhala kuti mgwirizano wa dzina ndi mneni wasokonekera, kapena nthawi ya mneni yasiyana ndi ya ziganizo zoyandikana nazo.